Timipanda ta ##### pa ndandanda ya ngongole sitikutanthauza kuti ndalama zadyedwa

Mabungwe ena a alimi m'maboma a m'malire muno, monga ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga, masiku ano salembanso ngongole m'kope mokha. Mlembi wa bungwe amapita ndi mayina kumene kuli kompyuta, amawalowetsa mu pulogalamu ya masamu yotchedwa Excel, kenaka amasindikiza pepala loti likawerengedwe pamsonkhano kapena likamatidwe pakhoma. Tsono nthawi zina pepala lija limatuluka lili ndi chinthu chodabwitsa. Pamalo pamene anthu amayembekeza kuona ndalama kapena tsiku pamangondanda timipanda totere: #####. Chizindikiro chake ndi chomwe chija amadina pa foni pomaliza kulowetsa mayunitsi.

Pepala lotere limautsa mapokoso msanga. Ena amati mlembi wafufuta dala kuti abise zimene wadya, ena amati kompyuta yagwidwa ndi matenda, ndipo mlembi mwiniwake, ngati ali wongophunzira kumene, amatuluka thukuta poganiza kuti ntchito ya sabata yonse yatayika. Zonsezi sizoona. Nambala imakhala ili momwemo, yathunthu, ndipo kompyuta imapitiriza kuiwerengera pamodzi ndi zinzake. Chimene yakana ndi kuionetsa basi. Zifukwa zake zazikulu ndi ziwiri. China ndi chopepuka ndipo chimatha m'kuphethira kwa diso, koma chinacho chikhoza kukhala chenjezo lakuti penapake tsiku lalembedwa molakwika, ndipo pamenepo ndalama za munthu zikhoza kusokonekera ndithu.

Kuti nkhaniyi imveke, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Bungwe lili ndi alimi 84, ndipo aliyense watenga feteleza ndi mbewu pa ngongole ya mametikali 12.500. Pepala la Excel limakhala logawidwa m'timabokosi. Mizere yotsika ili ndi zilembo pamwamba pake, A, B, C ndi kupitirira, pomwe mizere yopingasa ili ndi manambala. Mlembi waika mayina mu mzere A, ngongole mu B, tsiku lotengera mu C, tsiku lobwezera mu D, masiku amene ngongole yakhala kwa mlimi mu E, ndipo chiwongoladzanja mu F. Bungwe linagwirizana kuti chiwongoladzanja ndi mametikali 2 pa tsiku.

Chifukwa choyamba ndi kuchepa kwa malo. Mzere wotsika wa pepala latsopano umatha kulandira manambala pafupifupi 8 okha. Ngongole ya munthu mmodzi, yolembedwa kuti 12.500,00, imakwana bwinobwino, kotero kuti mizere yonse 84 imaoneka yosalala. Koma pansi penipeni, pamene mlembi waphatikiza ngongole zonse, yankho lake ndi 1.050.000,00. Nambala imeneyi ndi yaitali kuposa kabokosi kake, ndipo apo ndi pamene timipanda timatulukira. N'chifukwa chake kawirikawiri nambala imene imabisika ndi yomwe aliyense akufuna kuiona, ya ndalama zonse pamodzi, chinthu chimene chimakolezera moto wa kukayikirana. Alembi ambiri amakondanso kuikuza nambala yomalizayi kapena kuidetsa kwambiri kuti ioneke patali, ndipo potero amaitalikitsa n'kuichititsa kuti isakwane ngakhale pamene poyamba inkakwana.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chake kompyuta singoonetsa mbali imene yakwanayo, monga imachitira ndi mayina. Dzina likatalika limasefukira m'kabokosi koyandikana nako ngati kali kopanda kanthu, kapena limangodukira panjira, ndipo palibe chimene chimaonongeka chifukwa munthu amalizindikirabe. Nambala ndi yosiyana. Ikanati izidulidwa, 1.050.000 ikanatha kuoneka ngati 50.000, ndipo msonkhano wonse ukanavomereza bodza popanda wodziwa. Amene anakonza pulogalamuyi anasankha kuti ndi bwino kubisa nambala yonse kusiyana ndi kuonetsa theka lake, ndipo pamenepa anaganiza bwino. Tsiku nalonso limachitidwa chimodzimodzi. Tsiku lolembedwa kuti 15/11/2024 lili ndi zilembo 10, ndiye mzere ukapanikizidwa pofuna kuti zonse zikwane papepala limodzi, masiku onse amasanduka timipanda kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mankhwala ake ndi kukulitsa mzerewo. Mlembi apititse kamuvi ka mausi pamwamba pa pepala pamene pali zilembo, akaimike pa kamzere kolekanitsa B ndi C, ndipo adine kawiri mofulumira. Mzere B udzitambasula wokha kufikira nambala yaitali kuposa zonse itakwana. Angathenso kugwira kamzereko n'kukakokera kudzanja lamanja. Ngati pepala losindikizira lili lochepa moti mzere sungakule, njira ina ndi kuchotsa ma 00 awiri akumapeto aja, pakuti ngongole zambiri za m'mudzi zilibe masentavo, kapena kuchepetsa kukula kwa zilembo. Timipanda tikachoka n'kuoneka nambala yomveka, ndiye kuti vuto linali lomwelo ndipo latha. Nthawi zina mzere ukakula pamatuluka mawu ena oyamba ndi chizindikiro chomwechi, monga `#REF!` kapena `#DIV/0!`. Amenewo ndi matenda ena a masamu amene anangobisika chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo kukulitsa mzere sikuwachiza.

Chifukwa chachiwiri chimadziwika ndi khalidwe lake. Mlembi akakulitsa mzere, timipanda sitichoka. Timangochuluka n'kudzaza malo onse atsopanowo, ngakhale mzerewo utakokedwa mpaka kumapeto kwa galasi. Zikatero asavutikenso ndi kukoka. Vuto lili pa tsiku.

Excel sadziwa Novembala kapena Epulo monga amadziwira munthu. Iye amangowerenga masiku motsatizana kuyambira pa 1 Januwale 1900, limene amalitenga ngati tsiku loyamba. Tsiku lililonse lili ndi nambala yake. Mwachitsanzo 15 Novembala 2024 ndi 45611, pomwe 30 Epulo 2025 ndi 45777. Zimene munthu amaona pagalasi, zokhala ndi tsiku, mwezi ndi chaka, zili ngati chovala chimene nambalayo yavekedwa. Kabokosi kalikonse kali ndi chovala chake, kaya cha ndalama, cha tsiku kapena cha nambala wamba, ndipo chovala chikhoza kusinthidwa popanda kukhudza nambala ya m'kati. Kawerengedwe kameneka ndi kamene kamalola kompyuta kuchotsera tsiku lina pa linzake. Koma kali ndi malire. Kumbuyo kwa chiyambi chija kulibe masiku. Nambala yotsika kuposa ziro ikavekedwa chovala cha tsiku, Excel amasowa tsiku loti aonetse ndipo amadzaza kabokosiko ndi timipanda.

Mlimi wa pa mzere wachiwiri anatenga feteleza pa 15 Novembala 2024 ndipo anabweza atakolola, pa 30 Epulo 2025. Mu kabokosi ka E2 mlembi analemba lamulo lochotsera ili:

```
=D2-C2
```

Zonse zikanalembedwa bwino, kompyuta ikanachotsa 45611 pa 45777 n'kupeza masiku 166, ndipo chiwongoladzanja chikanakhala mametikali 332. Koma chala chinazolowera chaka chakale, ndipo mlembi analemba 30/04/2024 m'malo mwa 30/04/2025. Tsiku limenelo ndi 45412. Kompyuta inachotsa monga inalamulidwira n'kupeza −199, ngati kuti mlimiyo anabweza ngongole masiku 199 asanaitenge. Popeza mlembi anali ataveka mizere C, D ndi E chovala cha tsiku nthawi imodzi, yankholo linatuluka ngati timipanda.

Choopsa chili pa mzere F. Kompyuta siileka nambala chifukwa chakuti yalephera kuionetsa. Imatenga −199 yobisikayo, imachulukitsa ndi 2, n'kulemba kuti chiwongoladzanja ndi −398. Kunena kwina, pepala likuti bungwe ndilo liyenera kupatsa mlimiyo mametikali 398, pomwe iye ndiye ayenera kupereka 332. Kusiyana kwake ndi mametikali 730, amene ali masiku 365 a chaka chimodzi cholakwikacho. Pa mzere umodzi munthu watcheru akhoza kuona kamzere kochotsera kali kutsogolo kwa nambala. Koma ikaphatikizidwa ndi za anthu ena 83, nambala yapansi imangochepa mwakachetechete, ndipo msungichuma akadzawerenga ndalama za m'bokosi adzapeza kuti sizikugwirizana ndi pepala.

Pali njira ina imene timipanda totere timabwera nayo, ndipo imachitika kawirikawiri kuposa kulakwitsa chaka. Mlimi amene sanabwezebe ngongole ali ndi kabokosi kopanda kanthu mu mzere D. Pochotsera, Excel amatenga kabokosi kopanda kanthu ngati ziro, ndiye ziro kuchotsapo 45611 yankho lake ndi −45611. Chiwongoladzanja cha munthu mmodzi yekhayo chimakhala −91.222, ndipo akakhala anthu 10 otere amene anatenga tsiku lomwelo, nambala yapansi imagwa ndi mametikali 912.220. Timipanda tikaoneka pa mizere ya anthu okhawo amene sanalipire, chifukwa chake ndi chimenechi, ndipo palibe tsiku limene lalakwika.

Kuti mlembi aone chimene chabisika, asankhe mzere E wonse, adine `Ctrl` pamodzi ndi `1`, ndipo pa ndandanda imene itatseguke asankhe `Geral` ngati kompyuta ili ya Chipwitikizi kapena `General` ngati ili ya Chingerezi. Apa wavula chovala cha tsiku, ndipo manambala enieni aoneka. Mzere wa masiku suyenera n'komwe kuvala chovala cha tsiku, chifukwa yankho lake ndi kuchuluka kwa masiku. Ngakhale pa mizere imene ili yolondola chovalacho chimasokoneza. Masiku 166 aja akavekedwa chovala cha tsiku amaoneka ngati 14/06/1900. Mlembi akaona chaka cha 1900 chili mbwee pa ndandanda ya ngongole za chaka chatha, adziwe kuti masamu ali bwino koma chovala ndicho cholakwika.

Manambala akaoneka, kukula kwake kumaloza pamene pali vuto. Nambala yochotsera ya m'mazana, monga −199, imatanthauza kuti limodzi mwa masiku awiriwo lalakwika, ndipo choyamba kuchiyang'ana ndi chaka. Ikakhala −166 yeniyeni, yofanana ndi yankho loyembekezeka koma yokhala ndi kamzere kutsogolo, ndiye kuti masiku asinthanitsidwa malo kapena lamulo lalembedwa chobwerera. Ikakhala yaikulu mpaka kupitirira −45000, kabokosi ka tsiku lobwezera kali kopanda kanthu. Palinso msampha wa makompyuta amene anakonzedwa mwa kalembedwe ka ku Amerika, kumene mwezi umayamba tsiku n'kutsatira. Pa kompyuta yotere munthu akalemba 03/12/2024 akutanthauza 3 Disembala, makina amamva 12 Malichi, ndipo mlimi amene anatenga mu Novembala n'kubweza mu Disembala amaoneka ngati anabweza miyezi 8 asanatenge. Tsiku lolondola silingapezeke mu kompyuta. Liyenera kufunidwa m'kope la msungichuma kapena pa lisiti limene mlimi anapatsidwa.

Za amene sanalipire zimakonzedwa ndi lamulo lina, louza kompyuta kuti ikapeza kabokosi kopanda kanthu iwerenge masiku kufikira lero. Pa Excel wa Chipwitikizi limalembedwa ngati mzere woyambawu, pa wa Chingerezi ngati wachiwiriwu:

```
=SE(D2="";HOJE()-C2;D2-C2)
=IF(D2="",TODAY()-C2,D2-C2)
```

Yankho la lamuloli limakula ndi tsiku limodzi m'mawa uliwonse kwa amene sanabweze, choncho pepala losindikizidwa Lolemba silingafanane ndi la Lachisanu, ndipo ndi bwino kulemba pamwamba pake tsiku limene lasindikizidwa. Limadaliranso wotchi ya kompyutayo. Makompyuta akale amene kabatire ka m'kati kanatha mphamvu amabwerera ku zaka zakale magetsi akazima, ndipo wotchi ikakhala kumbuyo kwa tsiku lotengera ngongole, manambala ochotsera aja amabweranso.

Pali njira ziwiri zachidule zimene anyamata odziwa kompyuta amakonda kulangiza, ndipo zonse ndi zoyenera kuzikana. Yoyamba ndi kukulunga lamulo lija m'mawu akuti `ABS`, amene amachotsa kamzere kochotsera pa nambala iliyonse. Timipanda timachokadi, pepala n'kuoneka laukhondo, koma −199 imangosanduka 199. Mlimi uja amalipiritsidwa mametikali 398 m'malo mwa 332, ndipo popeza nambalayo ikuoneka yomveka, palibe amene angaikayikire. Timipanda tinali bwino chifukwa tinkachititsa anthu kufunsa.

Yachiwiri ndi kusintha chiyambi cha kawerengedwe. Excel ali ndi kawerengedwe kena koyambira mu 1904, kamene kanachokera ku makompyuta akale a Macintosh, ndipo kameneko kamalola masiku ndi maola ochotsera kuoneka. Koma kakangosankhidwa pa pepala lomwe lili kale ndi masiku, tsiku lililonse limalumpha masiku 1.462 kupita kutsogolo, zomwe ndi zaka 4 ndi tsiku limodzi. Ngongole ya pa 15 Novembala 2024 imaoneka ngati ya pa 16 Novembala 2028. Kukonza kabokosi kamodzi n'kusuntha masiku a anthu 84 ndi malonda oluza.

Malire a masiku ali mbali zonse ziwiri. Tsiku lomaliza limene Excel amalidziwa ndi 31 Disembala 9999, limene nambala yake ndi 2958465. Nambala yoposa imeneyi ikagwera m'kabokosi kovala chovala cha tsiku, timipanda timatulukanso ndipo sitichoka ndi kukulitsa mzere. Zimachitika mlembi akalowetsa nambala ya foni ya mlimi, yokhala ndi manambala 9, mu mzere wa masiku mwangozi. Zimachitikanso ndi mapepala akale a nthawi ya ndalama zakale, metikali isanachotsedwe maziro atatu mu 2006, pamene ngongole wamba inkalembedwa m'mamiliyoni. Ndalama yochepa ikagwera m'kabokosi kotere sibweretsa timipanda koma imasanduka tsiku lachilendo: 12.500 imaoneka ngati tsiku la mu Malichi 1934. Konseku mankhwala ndi omwe aja, kubweza kabokosiko ku `Geral` ndi kuika nambalayo mu mzere wake.

Maola nawo amagwa m'dzenje lomweli, pakuti kwa Excel ola ndi kachigawo ka tsiku. Mlonda wa nkhokwe ya bungwe akayamba ntchito 22:00 n'kuweruka 06:00, lamulo lochotsera limaona 6 kuchotsapo 22, yankho n'kutsika kuposa ziro, ndipo maola ake a usiku onse amasanduka timipanda. Njira yosavuta kumva ndi kulemba tsiku pamodzi ndi ola m'timabokosi tonse tiwiri, kuti kompyuta idziwe kuti 06:00 ija ndi ya m'mawa mwake. Ikatero imapeza maola 8.

Mlimi amene sagwira kompyuta ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Pagalasi nambala yobisika ikhoza kuvundukulidwa, koma pepala likasindikizidwa lili ndi timipanda, nambalayo palibe papepalapo, ndipo palibe njira yoiwerengera. Pepala lotere silingakhale umboni wa ngongole kapena wa malipiro, ndipo munthu ali ndi chifukwa chokwanira chokanira kusayina kapena kudinda chala pa mzere umene nambala yake sikuoneka. Choyenera kupempha ndi chakuti mlembi atsegule pepalalo pa kompyuta pamaso pa wapampando ndi msungichuma, n'kukulitsa mzerewo iwo akuona. Nambala ikatuluka, aifananize ndi ya m'kope ndipo pepala lisindikizidwenso. Timipanda tikakana kuchoka, mlimi atulutse lisiti lake kuti masiku awiri a pa mzere wake, lotengera ndi lobwezera, awerengedwe mokweza limodzi ndi chaka chake, ndipo nambala yapansi ya chiwongoladzanja isalandiridwe kufikira mizere yonse yotere itakonzedwa.